Kuphatikiza mavekitala ndi kupeza ngodya ya pakati pawo popanda kutaya mayinasi

Funso la mavekitala limandifika chaka chilichonse kuchokera kwa ana a abale athu amene akuphunzira kuno ku Johannesburg. Ena ali mu Giredi 11 ndipo akuvutika ndi kuphatikiza mphamvu ziwiri mu phunziro la sayansi, pomwe ena ali m'chaka choyamba ku yunivesite ndipo akumana ndi doti purodakiti koyamba. Ndaona kuti pafupifupi onse amagwa pa malo amodzi, choncho ndaganiza zolemba njira yonse kamodzi, ndi chitsanzo chimodzi chimene tiyende nacho kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Khalani ndi pepala la timabokosi, pensulo ndi kakyuleta pamene mukuwerenga, chifukwa nambala iliyonse imene ili muno muyenera kuipeza nokha.

Poyamba tigwirizane za kalembedwe, makamaka kwa inu amene munayambira sukulu ku Malawi kapena ku Zambia. Kwathu timalemba 12.73 ndi kadontho, ndipo malo a pa girafu timawalemba (3, 4). M'masukulu a ku South Africa amalemba 12,73 ndi koma, ndipo pofuna kuti koma imeneyo isasokoneze, nambala ziwiri za m'mabulaketi amazisiyanitsa motere: (3; 4). Muno nditsata kalembedwe ka kuno, popeza ndi kamene mudzakapeza pa pepala la mayeso.

Chitsanzo chathu ndi cha m'bale amene amaperekera katundu pa njinga yamoto. Atanyamuka pa shopu, wakatula katundu woyamba pa nyumba imene ili makilomita 3 kum'mawa ndi makilomita 4 kumpoto kwa shopuyo. Kuchokera pa nyumba imeneyo wapita pa nyumba yachiwiri, imene ili makilomita 12 kumadzulo ndi makilomita 5 kumpoto kwa nyumba yoyambayo. Misewu imene wadutsa ndi yokhotakhota, koma vekitala sisamala zimenezo. Imangoona pamene munthu wachokera ndi pamene wafika, n'kulumikiza malo awiriwo ndi muvi wowongoka umene uli ndi kutalika kwake komanso kumene ukuloza.

1. Lembani vekitala iliyonse m'zigawo zake ziwiri

Jambulani mizere iwiri yopingasana, wa x wogona ndi wa y woimirira, ndipo muike shopu pamene mizereyo yakumanirana. Kum'mawa kukhale kumanja, kumpoto kukhale kumwamba kwa pepala. Mukasankha motere, chilichonse chopita kumadzulo kapena kum'mwera chiyenera kukhala ndi mayinasi patsogolo pake. Zigawo ziwirizi aphunzitsi amazitcha makomponenti, ndipo choyamba nthawi zonse ndi cha x.

```
a = (3; 4)
b = (−12; 5)
```

Mayinasi ali pa 12 ndi amene akunena kuti ulendo wachiwiri ukupita kumadzulo, ndipo mukawaiwala panopa, zonse zimene mudzawerengere kutsogolo zidzakhala za ulendo wina umene m'bale wathuyu sanayende.

Nthawi zina funso silikupatsani zigawo, koma limakupatsani kutalika ndi ngodya. Ngati ngodyayo yayezedwa kuchokera pa mzere wa x mbali ya kumanja, mozungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi, gawo la x ndi kutalika kuchulukitsa ndi kosaini wa ngodyayo, ndipo gawo la y ndi kutalika kuchulukitsa ndi saini wake. Ulendo woyamba uja ukanatha kulembedwa kuti ndi makilomita 5 pa madigiri 53,13, ndipo 5 cos 53,13° ikupatsani 3 pomwe 5 sin 53,13° ikupatsani 4. Chenjerani ndi mafunso a sayansi amene amagwiritsa ntchito beringi, chifukwa beringi imayezedwa kuchokera kumpoto motsata mivi ya wotchi. Ulendo womwewu uli pa beringi ya madigiri 36,87, ndipo pamenepo saini ndi amene amapereka gawo la kum'mawa, kosaini n'kupereka la kumpoto. Musaloweze pamtima kuti x amayenda ndi kosaini nthawi zonse. Yang'anani pa chojambula chanu kuti ngodyayo yatsamira pa mzere uti, chifukwa gawo la mzere umene ngodya yatsamirapo ndi limene limatenga kosaini.

2. Phatikizani gawo ndi gawo linzake

Apa palibe chovuta. Za x ziphatikizidwe pazokha, za y ziphatikizidwenso pazokha.

```
a + b = (3 + (−12); 4 + 5) = (−9; 9)
```

Vekitala imene yatulukayi ndi imene mabuku amaitcha rizalitanti, ndipo ikutiuza kuti nyumba yachiwiri ili makilomita 9 kumadzulo ndi makilomita 9 kumpoto kwa shopu. Pa pepala lanu, jambulani muvi wa a kuchokera pa shopu, kenako muyambitse mchira wa b pa nsonga ya a. Muvi wochokera pa shopu kukafika pa nsonga ya b uyenera kuthera pa bokosi lachisanu ndi chinayi kumanzere ndi lachisanu ndi chinayi kumwamba. Kajambulidwe kameneka, koika mchira wa muvi wachiwiri pa nsonga ya woyamba, ndi koyenera pophatikiza. Mukasunge m'maganizo, chifukwa ndi komwe kadzakusocheretseni tikafika pa ngodya.

3. Pezani kutalika kwa vekitala iliyonse

Kutalika kwa vekitala, kumene m'kalasi amati maginichudi, kumalembedwa ndi timizere tiwiri toimirira, ndipo kumapezeka ndi lamulo la Pythagoras, popeza gawo la x ndi gawo la y zimakumana pa madigiri 90.

```
|a| = √(3² + 4²) = √25 = 5
|b| = √((−12)² + 5²) = √169 = 13
|a + b| = √((−9)² + 9²) = √162 ≈ 12,73
```

Pali misampha iwiri pano. Woyamba uli pa kakyuleta. Mukalemba −12² popanda mabulaketi, kakyuleta imayamba yachulukitsa 12 ndi 12 kenako n'kuika mayinasi, ndipo imakupatsani −144 m'malo mwa 144. Zikatero pansi pa sikweya ruti pamakhala −119, ndipo pa galasi pamatuluka mawu akuti Math ERROR. Nambala ya mayinasi muziika m'mabulaketi musanaichite sikweya, kapena muzingoilemba popanda mayinasi pa sitepe ino yokha, popeza sikweya wa nambala iliyonse sakhala ndi mayinasi.

Msampha wachiwiri ndi wophatikiza 5 ndi 13 n'kunena kuti rizalitanti ndi 18. Nambala ya 18 ikanakhala yoona ulendo wachiwiri ukanapitirira mbali yomweyo imene woyamba unalowera, ndipo akanabwerera m'mbuyo ndendende yankho likanakhala 13 kuchotsa 5, kutanthauza 8. Rizalitanti ya mavekitala awiriwa singapitirire 18 ndipo singachepere 8, ngodya ya pakati pawo ikhale yotani. Yathu ya 12,73 ili pakati pa malire amenewa, ndipo ndi bwino kuzolowera kuyesa yankho lanu motere musanapite patsogolo.

Ngati funso likufunanso kumene rizalitanti ikuloza, musakhulupirire kakyuleta yokha. Mukaipatsa tan⁻¹(9 ÷ −9) ikuyankhani kuti −45°, yomwe ndi mbali ya pakati pa kum'mwera ndi kum'mawa, chonsecho chojambula chanu chikuonetsa muvi wolowera pakati pa kumpoto ndi kumadzulo. Batani la tan⁻¹ limangopereka ngodya za pakati pa −90° ndi 90°, choncho gawo la x likakhala ndi mayinasi muyenera kuwonjezera madigiri 180. Yankho lenileni ndi madigiri 135 kuchokera pa mzere wa x, kapena beringi ya madigiri 315.

4. Werengerani doti purodakiti

Chulukitsani gawo la x ndi gawo la x linzake, chulukitsaninso gawo la y ndi gawo la y linzake, kenako phatikizani ziwirizo.

```
a · b = (3)(−12) + (4)(5) = −36 + 20 = −16
```

Chimene chatuluka ndi nambala imodzi chabe, osati vekitala. Wophunzira amene walemba (−36; 20) n'kuimira pomwepo sanamalize ntchito, chifukwa kuphatikiza komalizako ndi kumene kumapanga doti purodakiti.

Musanakhudze kakyuleta, werengani chimene chizindikiro cha nambalayi chikunena. Doti purodakiti ikakhala yoposa ziro, ngodya ya pakati pa mavekitalawo ndi yochepera madigiri 90, kusonyeza kuti akulowera chakumodzi. Ikakhala ziro, mavekitalawo apingasana pa madigiri 90 ndendende, ndipo mungaone zimenezi ndi (3; 4) ndi (−4; 3), amene amapereka −12 kuphatikiza 12. Ikakhala ndi mayinasi, monga yathuyi, ngodyayo ndi yoposa madigiri 90. Lembani m'mphepete mwa pepala kuti yankho liyenera kupitirira 90, kuti pamapeto mukhale ndi choyesera.

5. Mvetsani chifukwa chake nambala imeneyi imaulula ngodya

Mabuku ambiri amangoika fomula m'bokosi, ndipo wophunzira amailoweza osadziwa kumene kosaini wachokera. Ine ndimaona kuti ndi bwino kutaya mphindi zisanu pano, chifukwa amene waona gwero la fomulayi sasokonezanso ngodya imene ikukambidwa.

Jambulani chithunzi chatsopano. Ulendo uno mivi yonse iwiri, a ndi b, iyambire pa malo amodzi, michira yake itagundana. Lumikizani nsonga ziwirizo ndi mzere, ndipo mupeza thirayango imene mbali zake ziwiri ndi 5 ndi 13, pomwe mbali yachitatu ndi vekitala ya a kuchotsa b. Ngodya imene ili pamene michira yakumana tiitche θ. Lamulo la kosaini, limene munaphunzira m'masamu a ku sekondale, limati:

```
|a − b|² = |a|² + |b|² − 2|a||b| cos θ
```

Mbali yachitatuyo tingaipeze ndi zigawo. Vekitala ya a kuchotsa b ndi (15; −1), popeza 3 kuchotsa −12 ndi 15 ndipo 4 kuchotsa 5 ndi −1, ndipo sikweya wa kutalika kwake ndi 225 kuphatikiza 1, kutanthauza 226. Mbali ya kumanja ya lamulolo ili ndi 25 kuphatikiza 169, zomwe ndi 194. Choncho 2|a||b| cos θ ayenera kukhala 194 kuchotsa 226, kutanthauza −32, ndipo mukagawa ndi 2 mupeza −16, nambala yomwe ija tinaipeza pa sitepe yachinayi. Izi sizinangochitika mwamwayi. Mukaika zilembo m'malo mwa nambala n'kumasula mabulaketi, masikweya onse amafafanizana mbali ziwirizo, ndipo chotsala chimakhala ichi, pomwe a₁ ndi b₁ ndi zigawo za x, a₂ ndi b₂ n'kukhala zigawo za y:

```
a₁b₁ + a₂b₂ = |a||b| cos θ
```

Mfundo yoti muisunge ndi yakuti thirayango imeneyi inajambulidwa michira itagundana. Ngodya ya θ imene fomulayi imapereka ndi ya pakati pa mivi iwiri yochokera pa malo amodzi, osati ngodya ina iliyonse imene mungaione pa chithunzi.

6. Pezani ngodya

Gawani doti purodakiti ndi kutalika kuwiriko mutakuchulukitsa.

```
cos θ = (a · b) ÷ (|a||b|) = −16 ÷ (5 × 13) = −16/65
θ = cos⁻¹(−16/65) ≈ 104,25°
```

Yankho ndi madigiri 104,25, ndipo laposa 90 monga tinalembera m'mphepete muja. Ngati mwapeza china, nambala imene mwapezayo imatha kukuuzani yokha pamene palakwika.

Mukapeza 1,82, masamu anu ali bwino koma kakyuleta ili pa maradiyani. Pa Casio fx-82ZA PLUS, imene ana ambiri a kuno amagwiritsa ntchito, yang'anani kachilembo kakang'ono pamwamba pa galasi. Pakakhala R ndiye kuti ili pa maradiyani, ndipo pamafunika D. Muibwezeretse podina mabatani awa:

```
SHIFT  MODE  3
```

Izi zimachitika kawirikawiri kwa ophunzira a ku yunivesite, amene m'mawa amakhala akugwiritsa ntchito maradiyani m'phunziro lina n'kuiwala kusintha. Ngati funsolo lapempha maradiyani, 1,82 ndiye yankho loyenera.

Mukaona Math ERROR, mosakayikira mwalemba −16 ÷ 5 × 13 popanda mabulaketi. Kakyuleta imagawa ndi 5 kenako n'kuchulukitsa ndi 13, n'kupeza −41,6, ndipo palibe ngodya imene kosaini wake ndi wotero. Kosaini amakhala pakati pa −1 ndi 1 basi, choncho nambala ikatuluka kunja kwa malire amenewa, bwererani mukaone kugawako, kutalika kwa mavekitala kapena doti purodakiti. Mukapeza 104,48, ndiye kuti munafupikitsa −16/65 kukhala −0,25 musanadine cos⁻¹. Lowetsani fulakishoni yonse mmene ilili, ndipo mufupikitse yankho lomaliza lokha.

7. Siyanitsani 104,25 ndi 75,75

Apa ndi pamene ambiri amatayira malikisi, ndipo ndi pamene ndikufuna kuti mukhalitsepo. Yankho lolakwika limene ndimaliona kwambiri pa funso lotere ndi 75,75, ndipo limabwera m'njira ziwiri. Ena amaona mayinasi pa −16, n'kuganiza kuti ngodya singachokere ku nambala yotero, ndiye amawachotsa mwakachetechete. Kakyuleta siwakaniza, imangowapatsa 75,75, yomwe ndi 180 kuchotsa 104,25. Ena sataya mayinasi, koma amabwerera ku chithunzi cha sitepe yachiwiri, chija mchira wa b unali pa nsonga ya a, n'kuyeza ngodya ya m'kati mwa thirayango pa nyumba yoyamba. Chida choyezera ngodya chimawaonetsa pafupifupi madigiri 76, ndipo amafufuta yankho lolondola la 104,25 poganiza kuti chojambula ndicho chikunena zoona.

Ngodya zonse ziwirizi zilipo ndithu pa nyumba yoyamba, koma zikuyankha mafunso osiyana. Taganizirani m'bale uja ataima pa geti la nyumbayo, njinga ikuyang'anabe kumene inkalowera pobwera. Kuti ayang'ane ku nyumba yachiwiri ayenera kutembenukira kumanzere ndi madigiri 104,25, ndipo imeneyo ndiyo ngodya ya pakati pa a ndi b. Kuti muione pa pepala, talikitsani muvi wa a kupyola nsonga yake ndi mzere wa timadontho, ndipo muyeze kuchokera pa mzere umenewo kufika pa b. Ngodya ya 75,75 ndi imene ili pakati pa njira yobwerera ku shopu ndi njira yopita ku nyumba yachiwiri. Ziwirizi zikaphatikizidwa zimapanga 180 chifukwa zagona pa mzere umodzi wowongoka.

Kusiyana kumeneku kumaonekera kwambiri pamene funso lakupatsani malo atatu m'malo mwa mavekitala. Tinene kuti shopu ndi O(0; 0), nyumba yoyamba ndi P(3; 4), nyumba yachiwiri ndi Q(−9; 9), ndipo akufunsani ngodya ya thirayango OPQ pa P. Mukatenga OP ndi PQ, mwatenga muvi wina wolowa pa P ndi wina wotuluka pa P, ndipo mupeza 104,25, imene si ngodya ya m'kati mwa thirayangoyo. Lamulo lake ndi lakuti mivi yonse iwiri ichokere pa malo amene ngodya ikufunika, ndipo muvi uliwonse umapezeka potenga kumene ukuthera n'kuchotsa kumene ukuyambira.

```
PO = (0 − 3; 0 − 4) = (−3; −4)
PQ = (−9 − 3; 9 − 4) = (−12; 5)
PO · PQ = 36 − 20 = 16
cos⁻¹(16/65) ≈ 75,75°
```

Pa funso limeneli 75,75 ndiye yankho lolondola. Kutembenuza muvi umodzi kwasintha chizindikiro cha doti purodakiti, ndipo ngodya yasintha kuchoka pa θ kukhala 180 kuchotsa θ. Mukatembenuza mivi yonse iwiri, ngodya imakhala yomwe ija. Choncho musanayambe kuchulukitsa, werenganinso funsolo ndi kudzifunsa ngati akufuna ngodya ya pakati pa mavekitala awiri amene akupatsani, kapena ngodya ya pa kona ya thirayango, kenako onetsetsani kuti zilembo zoyamba za mivi yanu iwiri ndi zofanana, monga PO ndi PQ.

8. Yesani yankho lanu ndi njira ina

Pali njira ziwiri zachangu. Yoyamba ndi kupeza kumene vekitala iliyonse ikuloza payokha kuchokera pa mzere wa x. Ya a ili pa madigiri 53,13. Ya b, popeza gawo lake la x lili ndi mayinasi, ili pa 180 kuchotsa 22,62, kutanthauza 157,38. Kusiyana kwake ndi 104,25. Ngati kusiyanako kwaposa 180, kuchotseni ku 360, chifukwa ngodya ya pakati pa mavekitala awiri imatengedwa yocheperayo.

Yachiwiri imayesa masitepe atatu nthawi imodzi. Sikweya wa kutalika kwa rizalitanti ayenera kufanana ndi masikweya a kutalika kuwiri kuja ataphatikizidwa, kuwonjezerapo doti purodakiti kawiri.

```
|a + b|² = |a|² + |b|² + 2(a · b)
162 = 25 + 169 + 2(−16)
```

Mbali ya kumanja ndi 194 kuchotsa 32, zomwe ndi 162, ndipo zagwirizana ndi zimene tinapeza pa sitepe yachitatu. Mukanataya mayinasi pa −16 mukanapeza 226, ndipo mukanadziwa nthawi yomweyo kuti china chake sichili bwino.

Njira ya doti purodakiti ili ndi malire ake awiri amene muyenera kuwadziwa. Batani la cos⁻¹ limapereka ngodya za pakati pa 0 ndi 180 zokha, ndipo a · b ndi b · a n'chimodzimodzi, choncho njirayi imakuuzani kukula kwa kutembenuka koma sikuuzani ngati ndi kwa kumanzere kapena kwa kumanja. Kuti m'bale uja anatembenukira kumanzere tazidziwa poyang'ana chojambula, osati pa fomula. Komanso ngati imodzi mwa mavekitala ndi (0; 0), kutalika kwake ndi ziro, kugawa sikutheka, ndipo palibe ngodya yoti muipeze chifukwa vekitala yotero siloza kulikonse.

Kuti muone ngati mwagwira njirayi, yesani nokha ndi c = (4; −3) ndi d = (−5; −12). Muyenera kupeza rizalitanti ya (−1; −15) yotalika pafupifupi 15,03, doti purodakiti ya 16, ndi ngodya ya madigiri 75,75. Ngati mwapeza −56, onaninso kuchulukitsa kwa −3 ndi −12, chifukwa mayinasi awiri akachulukitsidwa amapereka 36 wopanda mayinasi.